Phindu la pa Excel lingakhale labodza ngati SUM yadumpha nambala zina

Nyengo ya chitowe ikafika m'chigwa cha Shire, masikelo amapachikidwa paliponse, kuyambira pa Dyeratu ndi pa Nchalo m'boma la Chikwawa mpaka pa Bangula ku Nsanje. Ndalama zimatuluka m'thumba tsiku ndi tsiku, ndipo ogula mbewu ena asiya kudalira kope lokha. Akulemba zogula zawo mu Excel, pa laputopu kapena pa foni, kuti makina aziwonkhetsa okha.

Makinawo amawonkhetsadi mwachangu, koma ali ndi khalidwe limodzi lomwe wamalonda aliyense ayenera kulidziwa. Fomula yowonkhetsera, yotchedwa SUM, imawerenga zokhazo zimene Excel yazizindikira kuti ndi nambala. Nambala imene yalowa ngati mawu imangodumphidwa mwakachetechete, ndipo yankho limatuluka looneka bwinobwino ngati palibe chasowa.

Sabata imodzi pa Ngabu

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina akugula chitowe pa Ngabu kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Mu mzere wotsika wa A walemba masiku, ndipo mu mzere wa B walemba ndalama zimene wagwiritsa ntchito. Timabokosi ta Excel tili ndi mayina, chilembo cha mzere wotsika ndi nambala ya mzere wopingasa, choncho ndalama zake zili mu B2 mpaka B7.

```
     A            B
2    Lolemba      185,000
3    Lachiwiri    240,000
4    Lachitatu    K92,000
5    Lachinayi    310,000
6    Lachisanu    196,000
7    Loweruka     75,000
```

M'kabokosi ka pansi, B8, mayiyo alemba fomula iyi n'kudina `Enter`:

```
=SUM(B2:B7)
```

Chizindikiro cha `=` chimauza Excel kuti ichi n'chowerengetsa. Timadontho tiwiri ta pakati pa B2 ndi B7 tikutanthauza kuti kuyambira apa mpaka apo. Fomulayi ilibe cholakwika chilichonse, ndipo yankho latuluka 931,000.

Wogula wa ku Limbe waimba foni, akuti katundu yense atenga pa K1,150,000. Matumba, onyamula ndi galimoto yokwera mapiri a Thabwa zidya K80,000. Mayiyo achotsera, n'kupeza kuti atsala ndi phindu la K139,000. Avomera mtengowo.

Koma amene angawonkhetse masiku 6 aja pa kalikuleta apeza K1,098,000, osati K931,000. Excel yadumpha K92,000 ya Lachitatu ndi K75,000 ya Loweruka, zonse pamodzi K167,000. Phindu lija kulibe. Mayiyo wagulitsa moluza K28,000, mpamba wadyeka, iye akuganiza kuti sabata yayenda bwino.

Zalowa bwanji ngati mawu?

Excel sionera nambala ndi maso ngati munthu. Chilichonse cholembedwa m'kabokosi imachiika m'gulu, kaya la nambala kapena la mawu, pa nthawi imene chikulowa. SUM inapangidwa kuti ikapatsidwa mndandanda izidumpha mawu ndi timabokosi topanda kanthu. Zimenezi zimathandiza pamene mutu wa mndandanda, monga "Ndalama", walowa nawo m'fomula. Koma n'zomwezonso zimene zimabisa vuto.

Ya Lachitatu yasanduka mawu chifukwa cha K. Munthu aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti K92,000 ndi ndalama, koma pa makompyuta ambiri, omwe anatcheredwa Chingerezi cha ku Britain kapena ku America, Excel imaona chilembo n'kuganiza kuti ndi dzina. N'chimodzimodzi kulemba MK kutsogolo, kulemba "50kg" mu mzere wa makilo, kapena kusiya mpata pakati ngati mmene ena amalembera 92 000. Chala chikaphonya n'kulemba chilembo O m'malo mwa 0, zotsatira zake n'zomwezo.

Ya Loweruka ndi yovutirapo chifukwa ilibe chilembo chilichonse. Kabokosi ka B7 kanali katatcheredwa kale kukhala `Text`, mwina chifukwa pepala limeneli linayamba lagwira ntchito ina. Chilichonse cholowa m'kabokosi kotero chimatengedwa ngati mawu. Zoterezi zimachitikanso munthu akayamba ndi kachizindikiro ka `'` asanalembe nambala, kapena akakopera ndalama kuchokera mu uthenga wa pa foni kapena pa intaneti, komwe nambala nthawi zina zimabwera ndi kampata kosaoneka ndi maso.

Kuigwira isanadye mpamba

Chizindikiro choyamba n'chaulere. Ngati munthu sanasinthe kayalidwe ka pepala, nambala zenizeni zimatsamira kumanja kwa kabokosi, pamene mawu amatsamira kumanzere. Mu mndandanda wa mayi uja, 92,000 ndi 75,000 zikhala zitapatukira kumanzere zinzake zili kumanja. Koma amene amakonda kuika zonse pakati kuti zioneke bwino wadzitsekera yekha chizindikiro chimenechi.

Chachiwiri ndi kachizindikiro kobiriwira ka ngodya zitatu, kamene kamaoneka pakona ya m'mwamba kumanzere kwa kabokosi. Kamatuluka Excel ikaona kuti cholembedwacho chikufanana ndi nambala koma chasungidwa ngati mawu. Pa B7 kaoneka. Pa B4 sikaoneka, chifukwa kwa Excel K92,000 ndi mawu enieni, palibe chokayikitsa. Choncho kusaoneka kwa kobiriwirako si umboni woti zonse zili bwino.

Njira yodalirika ndi kuwerenga mitu, monga mmene woweta amawerengera mbuzi polowa m'khola. M'timabokosi tiwiri topanda kanthu munthu alembe:

```
=COUNT(B2:B7)
=COUNTA(B2:B7)
```

Fomula yoyamba imawerenga timabokosi tokhala ndi nambala zokha. Yachiwiri imawerenga tonse tomwe muli chinachake. Kwa mayi wa pa Ngabu, yoyamba ipereka 4, yachiwiri 6. Kusiyana kwa 2 kukusonyeza kuti masiku awiri sanawerengedwe. Mndandanda ukakhala wautali, wa mizere 200 kapena kuposa, munthu alembe `=ISTEXT(B2)` mu C2 n'kuikokera mpaka pansi. Paliponse pamene patuluke `TRUE`, nambala ya pamenepo ndi mawu.

Ena amadabwa kuti akalemba `=B6+B7` yankho limatuluka lolondola, 271,000, pamene SUM inakana B7 yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti chizindikiro cha `+` chimayesa kusandutsa mawu kukhala nambala, pamene SUM siyesa n'komwe. Koma `+` ikakumana ndi K92,000 imalephera n'kulemba `#VALUE!`. Uthenga umenewu umaoneka woopsa, komabe ndi wabwino kuposa yankho loperewera lomwe silidandaula.

Kukonza

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Amasankha mndandanda wonse, n'kusintha `Text` kukhala `Number`, n'kuganiza kuti zatha. Kusinthako kumangokonzekeretsa kabokosi, koma zimene zinalowa kale zimakhalabe mawu mpaka zitalowetsedwanso. Yankho la SUM silisuntha.

Pamene pali kobiriwira, ntchito ndi yochepa. Munthu adine kabokosiko, kenako kachizindikiro ka chenjezo kotuluka pambali, n'kusankha `Convert to Number`. B7 ikakonzedwa chotere, yankho likwera kuchoka pa 931,000 kufika pa 1,006,000.

Pa B4 m'pofunika kuchotsa K. Ngati ndi kabokosi kamodzi, kungolembanso 92000 n'kokwanira, bola kabokosiko kakhale pa `General` kapena `Number`. Ngati ma K ndi ambiri, asankhe mzere wa ndalama wokhawo, adine `Ctrl+H`, alembe K pa `Find what`, asiye `Replace with` popanda kanthu, n'kudina `Replace All`. Kusankha mzere wa ndalama wokha n'kofunika, apo ayi chilembocho chichoka ngakhale m'mayina a anthu ndi a masiku, Loweruka n'kukhala Lowerua. Zikatha, B8 isonyeza 1,098,000, ndipo COUNT ndi COUNTA zigwirizana pa 6.

Nambala yokoperedwa kwina ikakanabe pambuyo pa zonsezi, kawirikawiri muli kampata kobisika kaja. Njira yachidule ndi kufufuta zonse za m'kabokosiko n'kulemba nambalayo ndi manja. Kwa ogwiritsa ntchito foni, imeneyi ndiyonso njira yosavuta.

Amene akufuna kuti K izioneka asailembe yekha. Asankhe mzerewo, adine `Ctrl+1`, apite pa `Custom` n'kulemba izi:

```
"K"#,##0
```

Akatero azingolemba 92000, Excel izionetsa K92,000, koma mkati mwake ikhalabe nambala yowerengeka.

Laputopu za ku Joni ndi kutsidya

Ochita malonda ku Nsanje, makamaka odutsa pa Marka kupita ku Mozambique, ali ndi chinanso chofunika kuchiyang'ana. Pa kompyuta yotcheredwa Chipwitikizi, komanso pa zambiri zotcheredwa ku South Africa, mpumiro wa `,` ndi umene umalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake. Pa makina otero, kulemba 75,000 kungatanthauze 75 basi. Imeneyi SUM siidumpha, imaiwerenga, koma ngati K75, ndipo COUNT siingathe kuigwira. Njira yopewera ndi kulemba manambala okhaokha, 75000, popanda mpumiro kapena mpata, n'kusiyira Excel kukongoletsa.

Si nambala zonse zoyenera kusandutsidwa. Nambala ya foni ya mlimi kapena ya kasitomala iyenera kukhala `Text`, chifukwa ikasanduka nambala yeniyeni 0 wa kutsogolo amasowa. Choncho mzere wa mafoni ukhale paokha, wa ndalama paokhanso, ndipo pokopera pepala lakale munthu aonetsetse kuti ndalama sizikulowa mu mzere umene kale munali mafoni.

Kumene vutoli lagwera n'kumene kumasonyeza amene alire. Likagwera mu mzere wa zogula, phindu limaoneka lalikulu kuposa lenileni, monga zachitikira pa Ngabu. Likagwera mu mzere wa katundu amene wamalonda wapereka kwa mnyamata wa pa sikelo, kuchepa kwa ndalama sikuoneka. Likagwera mu mzere wa zimene mnyamatayo wabweza, amatchedwa wakuba asanabe kanthu. Mu buku la banki m'khonde, ngongole ya membala ikhoza kusowa pa chiwonkhetso mpaka tsiku logawana.

N'chifukwa chake pansi pa SUM iliyonse payenera kukhala COUNT ndi COUNTA. Zikasiyana, wamalonda asatchule mtengo, asagawe phindu, ndiponso asaloze munthu chala mpaka nambala yosowayo itapezeka.