Bokosi la ndalama za pamwezi pofunsira ngongole pa foni

Bokosi lofunsa ndalama zimene mumapeza pamwezi limafuna nambala imodzi, pomwe geni siyenda mofanana miyezi yonse. Taganizirani za mayi wogulitsa kaunjika. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi majuzi amayenda malonda, ndipo amagulitsa katundu wa K900,000 pamwezi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, anthu akamalimbana ndi feteleza komanso fizi ya ana, amagulitsa wa K300,000 basi.

Alembe ziti? Choyamba, ndalama zogulitsa si phindu. Achotse mtengo wa belo, thiransipoti, chiphaso cha msika ndi lendi ya benchi. Tinene kuti pa miyezi 12 phindu lonse lakwana K1,440,000. Akagawa ndi 12, apeza K120,000, ndipo nambala yoyenera kulemba ndi imeneyo. Ngati fomu ikufunsa zogulitsa ndi phindu padera, asasakanize ziwirizi.

Pakakhala malo ofotokozera, alembe mwachidule kuti miyezi yabwino phindu limafika K220,000, yowuma limatsika mpaka K50,000. Ine ndimaona kuti nambala yotsikayi ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa ngongole imabwezedwa mwezi uliwonse, wouma womwe. Akalemba K220,000, angapatsidwe ngongole yobweza K80,000 pamwezi, ndipo Febuluwale adzadya mpamba.

Obwereketsa ambiri amapempha sitetimenti ya kubanki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba, n'kuyerekeza ndi zimene mwalemba. Ndalama zolandira pamanja sizioneka mmenemo, choncho kope lolembamo malonda a tsiku ndi tsiku likhale pafupi. Ndalama zimene mchimwene watumiza kuchokera ku Joni zisawerengedwe ngati phindu la geni.