Masamu olosera zigoli: chifukwa chake 1-0 si lonjezo

Ochemerera mpira akamakangana kuti masewero atha bwanji, aliyense amatchula zigoli ngati waona kale. Makampani a kubetcha sadalira mtima chonchi. Poyambira pawo ndi masamu omwe katswiri wa ku France, Siméon Denis Poisson, adasindikiza mu 1837, owerengera zinthu zochitika apo ndi apo mosapangana. Zigoli n'zotero.

Ntchito yeniyeni ili pa kupeza zigoli zomwe timu iliyonse ikuyembekezeka kuchinya. Tiyerekeze kuti eni bwalo amachinya avareji ya zigoli 2.0 akakhala pakwawo, alendo amachinyitsa 1.2 akamasewera koyenda, ndipo mu ligi yonse matimu a pakwawo amachinya 1.5. Chulukitsani 2.0 ndi 1.2, mugawe ndi 1.5: mupeza 1.6. Kugawako n'kofunika, chifukwa timu ndi yamphamvu kapena yofooka poiyerekeza ndi inzake. Mukachita chimodzimodzi kwa alendo, tinene kuti mwapeza 0.8.

Palibe timu yochinya 1.6, ndiye apa m'pamene Poisson amalowa. Mwayi woti eni bwalo asachinye n'komwe ndi e^-1.6, pa kakyuleta ya pafoni imatuluka 0.202. Zotsalazo n'zophweka. Chulukitsani 0.202 ndi 1.6, mwapeza mwayi wa chigoli chimodzi, 0.323. Chulukitsaninso ndi 1.6 n'kugawa ndi 2, zigoli ziwiri ndi 0.258. Kwa alendo, kusachinya ndi 0.449, chigoli chimodzi ndi 0.359.

Tsopano lunzanitsani mbali ziwirizi. Kuti athe 1-0, ndi 0.323 kuchulukitsa ndi 0.449, kutanthauza pafupifupi 14.5 peresenti. Zotsatira za 2-0 ndi 1-1 zili pa 11.6 iliyonse, pomwe 0-0 ili pa 9.

Taonani bwino 14.5 ameneyu. Ndiye wamkulu pa onse, koma akutanthauza kuti pa masewero 7 otere, 1-0 ichitika kamodzi kokha. Wina akakuuzani kuti masamu "anena" 1-0, sanawamve masamuwo.

Njirayi ilinso ndi pofooka pake. Imatenga ngati zigoli za timu ina sizikhudza inzake, chonsecho tonse taonapo timu ikachinya kamodzi n'kukhala kumbuyo kuteteza. Mu 1997 Mark Dixon ndi Stuart Coles, pofufuza mpira wa ku England, adakonza masamuwa pa zotsatira za 0-0, 1-0, 0-1 ndi 1-1 chifukwa mpamene ankaphonya. Kadi yofiira pa mphindi 20 kapena goloboyi wovulala, avareji sadziwa.

Choopsa kwambiri ndi kuwerengera masewero ochepa. Ligi ikangoyamba, timu yomwe yachinya 1, 1, 0, 1 kenako n'kukhoma inzake 7 imaoneka ndi avareji ya 2.0. Chotsani masewero amodziwo: ikatsika kufika pa 0.75 monga pano, nambalayo musaikhulupirire.