Mtengo wa Tsiku Loyamba Pamsika wa Masheya Umanyenga

Kampani ikamagulitsa masheya ake kwa anthu koyamba, mtengo suchokera pamsika, chifukwa masheyawo amakhala asanagulidwepo poyera. Amaukonza ndi akuluakulu a kampaniyo pamodzi ndi mabanki amene yawalemba ntchito yoigulitsira masheya.

Mabankiwo amayamba ndi kuunika ndalama zimene kampani imapeza, n'kuziyerekeza ndi za makampani ofanana nayo amene ali kale pamsika. Kenako amatchula malire a mtengo, n'kuyendera ogula akuluakulu, monga mabungwe osunga ndalama za penshoni. Aliyense amanena masheya amene akufuna ndi mtengo umene angalipire, ndipo mtengo weniweni umatsimikizidwa madzulo oti mawa lake malonda ayamba.

Ndi mmene zinayendera mu Malichi 2019 ndi Lyft, kampani ya ku Amereka yoitanira galimoto pafoni. Poyamba ananena kuti sheya imodzi ikhala pakati pa madola 62 ndi 68. Ofuna atachuluka, anakweza malirewo, mtengo n'kukhazikika pa madola 72.

Kawirikawiri mabanki amaika mtengo wotsikirako dala. Amafuna kuti masheya onse athe, komanso kuti ogula akuluakulu aja apindule, adzabwerenso ulendo wina. Kampani ndiyo imaluza ndalama zimene ikanalandira.

Pa 29 Malichi, malonda a Lyft anatsegulidwa pa madola 87, koma anatsekedwa pa 78. Tsiku lachiwiri la malonda mtengo unagwera pa 69, kutsika kuposa 72 uja, ndipo chaka chimatha uli cha m'ma 43.

Chimakweza mtengo tsiku loyamba n'kuchepa kwa katundu. Lyft inagulitsa masheya 32.5 miliyoni, pafupifupi imodzi mwa masheya 9 aliwonse a kampaniyo. Otsalawo anali m'manja mwa eni ake, antchito ndi amene anaikamo ndalama kale, omwe amasainira pangano loti sagulitsa kwa miyezi pafupifupi 6. Choncho anthu ambiri otengeka ndi mbiri amalimbirana masheya ochepa, ngati mmene mtengo wa chimanga umakwerera mu Januwale.

Kuchepako sikukhalitsa. Amene anagawiridwa masheya pa mtengo woyamba amagulitsa msanga kuti atenge phindu. Pangano lija likatha, masheya ambirimbiri amakhuthukira pamsika. Malipoti a miyezi itatu iliyonse amayambanso kutuluka, ogula n'kumaweruza kampani ndi ndalama zake. Lyft inali italuza madola 911 miliyoni mu 2018.

Phindu la tsiku loyamba limene nyuzipepala zimalengeza limawerengedwa kuchokera pa 72, mtengo umene munthu wamba saupeza kawirikawiri. Iye amagula pa 87. Musanagule, werengani chikalata chimene kampani imatulutsa pogulitsa masheya: onani ngati ikupanga phindu, gawo la masheya amene akugulitsidwa, ndi tsiku limene pangano la eni ake lidzathe.