Gemu ikamadodoma: wolakwa ndi purosesa, khadi la zithunzi kapena memori?

Gemu ikayamba kudodoma pa kompyuta, ambiri amathamangira kuloza chala khadi la zithunzi. Munthu amasunga ndalama kwa miyezi, n'kugula khadi lamphamvu, koma akalilowetsa gemu ija n'kumadodomabe ngati kale. Ndalama zotayika choncho zimandimvetsa chisoni, chifukwa kupeza chimene chikuchedwetsa gemu sikulira ndalama iliyonse. Pamangofunika pulogalamu yaulere ndi mphindi 30 zoyang'ana manambala modekha.

Zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mofulumira. Chiwerengero cha zithunzi zimene zimatuluka pa sekondi imodzi chimalembedwa kuti FPS. Chithunzi chilichonse chimadutsa m'manja awiri. Purosesa, imene pa sikirini imalembedwa CPU, ndiyo imayamba: imawerengera pamene pali galimoto iliyonse, kumene chipolopolo chalowera, zimene adani achite ndiponso batani limene mwadina. Ikatero imatumiza malangizo ku khadi la zithunzi, lolembedwa GPU, ndipo khadilo limapaka mtundu pa kadontho kalikonse ka pa sikirini. Zili ngati mmisiri womanga nyumba ndi mnyamata womukandira matope. Wokanda akamachedwa, mmisiri amangoima ndi chipande chake m'manja, ndipo ngakhale mutabweretsa mmisiri wachangu kuposa ameneyo khoma silingakwere msanga. Kuti gemu ipereke zithunzi 60 pa sekondi, aliyense wa awiriwa ayenera kumaliza gawo lake pasanathe mamilisekondi 16.7. Wochedwa pa awiriwa ndiye amalamula liwiro la gemu yonse.

Kuti tione amene akudikira mnzake, timafunika manambala amene amaoneka pakona ya sikirini gemu ili mkati. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi MSI Afterburner, ndipo imagwira ntchito ngakhale khadi lanu litapangidwa ndi kampani ina. Poiika, lolani kuti ilowe limodzi ndi inzake yotchedwa RivaTuner Statistics Server, chifukwa imeneyo ndiyo imalemba manambalawo pamwamba pa gemu. Mukatsegula Settings pitani pa Monitoring. Pamenepo sankhani GPU usage, GPU temperature, Memory usage, CPU usage, CPU temperature, RAM usage, Framerate ndi Frametime, ndipo pa chilichonse chongani pamene palembedwa Show in On-Screen Display. Chenjerani ndi dzina lakuti Memory usage: limanena za memori ya pakhadi la zithunzi, osati memori yaikulu ya kompyuta. Yaikuluyo ndi RAM usage.

Musanakhulupirire manambala, zimitsani V-Sync ndi china chilichonse choika malire pa FPS m'gemumo. V-Sync ikayaka pa sikirini ya 60 Hz, gemu imaima pa zithunzi 60 ndipo purosesa ndi khadi zonse zimaoneka ngati zikupuma, pamene zangomangidwa miyendo. Ngati ndi laputopu ilumikizeni ku magetsi, popeza ikamayendera batire imachepetsa dala mphamvu zake.

Tiyerekeze kompyuta ya mtundu umene ambiri amayambira: yakale ya mu ofesi, yokhala ndi purosesa ya Core i5-3470 ya m'chaka cha 2012, memori ya 8 GB, ndipo mwini wake waikamo khadi la GeForce GTX 1650 lokhala ndi memori yakeyake ya 4 GB. Akusewera Grand Theft Auto V pa 1920 x 1080. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, chofunika ndi mmene akusinthira. Akamayendetsa galimoto m'chipululu cha ku Sandy Shores, FPS ili pa 75 ndipo GPU usage ili pa 98 peresenti. Akalowa pakati pa mzinda wa Los Santos, pamene pali magalimoto ndi anthu ambiri, FPS ikutsika kufika pa 45, ndipo GPU usage nayo ikutsika kufika pa 65.

Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ya GPU usage. Ikakhala pakati pa 95 ndi 100, khadi likugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse ndipo ndilo laika malire. Anthu ena amachita mantha akaona 99, poganiza kuti khadi lipsa. Ayi ndithu, khadi linapangidwira zimenezo, ndipo pa kompyuta yosewerera magemu umu ndi mmene zimayenera kukhalira. Koma FPS ikamatsika GPU usage n'kumatsikanso, khadi likudikira. Malangizo akuchedwa kulifikira. M'chitsanzo chathu, m'chipululu malire ndi khadi pamene mumzinda malire ndi china chake. Kompyuta imodzi yomweyo, gemu imodzi yomweyo, koma wochedwa akusintha malinga ndi malo. N'chifukwa chake muyenera kuyesera pamalo penipeni pamene gemu imakuvutani.

Kuti titsimikize, pali mayeso amodzi amene ndimawadalira kuposa ena onse. Tsitsani kukula kwa chithunzi kuchoka pa 1920 x 1080 kufika pa 1280 x 720, musasinthe china chilichonse, ndipo dutsaninso msewu womwewo. Pa 1920 x 1080 khadi limapaka timadontho 2,073,600 pa chithunzi chilichonse, pamene pa 1280 x 720 limapaka 921,600 tokha, tosakwana theka. Ntchito ya khadi yapepuka kwambiri, koma ya purosesa sinasinthe, chifukwa magalimoto ndi anthu oti iwerengere akadali omwewo. Ngati khadi ndilo linkachedwa, FPS ikwera moonekeratu. Ngati sinasunthe, vuto silili pa khadi. Pa kompyuta yathu ija, m'chipululu FPS yakwera kuchoka pa 75 kufika pa 95, koma mumzinda yangochoka pa 45 kufika pa 46. Mwini wake atagula khadi lodula kuwirikiza katatu, mumzindamo adzaonabe 45 kapena 46 yomweyo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangoyang'ana CPU usage. Nambala imeneyi imasocheretsa anthu ambiri. Purosesa imakhala ndi timagawo tingapo togwira ntchito paokhapaokha, ndipo CPU usage imaphatikiza ntchito ya tonse n'kugawa mofanana. Koma magemu ambiri ali ndi ntchito imodzi yaikulu imene singagawike, ndipo zina zonse zimadikira imeneyo. Pa purosesa ngati Ryzen 5 3600, imene Windows imaiona ngati njira 12 zogwirira ntchito, njira imodzi ikadzaziratu imangoonjezera pafupifupi 8 peresenti pa nambala yonse. Choncho mukhoza kuona CPU usage ili pa 35 pamene purosesa ndiyo yamanga gemu. Kuyang'ana CPU1 usage, CPU2 usage ndi zinzake kumathandizako, komabe Windows imasamutsasamutsa ntchito yaikulu ija pakati pa timagawoto, moti nthawi zina palibe kamene kamaonetsa 100. Umboni wodalirika wa purosesa yochedwa umaoneka pa khadi limene likudikira, ndi pa FPS imene ikukana kukwera chithunzi chikachepa.

Purosesa ikakhala yochedwa, kutsitsa kukongola kwa zithunzi sikuthandiza. Tsitsani zimene zimaipatsa ntchito. Mu Grand Theft Auto V zimenezi ndi Population Density, imene imalamula kuchuluka kwa anthu ndi magalimoto, komanso Distance Scaling, yonena za kutalika kumene zinthu zimayambira kuoneka. Tsekaninso mapulogalamu ena amene akuyenda kuseri. Ndipo popeza khadi lili ndi mphamvu zotsala mumzindamo, chithunzi chibwezereni pa 1920 x 1080, simutayapo kanthu.

Vuto la memori lili ndi nkhope yakeyake. Kawirikawiri FPS imaoneka yabwino, koma gemu imaima pang'ono mwadzidzidzi, makamaka mukatembenuka msanga kapena kulowa malo atsopano. Apa ndi pamene Frametime imagwira ntchito, ndipo ndi bwino kuiika kuti izioneka ngati mzere posankha graph. Mzerewo ukakhala wosalala gemu ikuyenda bwino. Ukamatumphuka kuchoka pa mamilisekondi 17 kufika pa 100 kapena kuposa, pali chimene chikudikiridwa kuchokera kutali. Yang'anani Memory usage: ngati yakakamira pafupi ndi 4 GB pa khadi la 4 GB, mwina khadi ladzaza ndipo likubwereka malo mu memori yaikulu, imene ili patali ndipo imachedwa kuyankha. Ndikuti mwina, chifukwa magemu ena amangodzisungira malo ngakhale sakuwafuna onse. Mayeso ake ndi kutsitsa Texture Quality ndi sitepe imodzi, kuyambitsanso gemu, n'kuona ngati kutumphuka kuja kwatha. Ngati RAM usage ndiyo yafika pa 7.5 GB mwa 8 GB, Windows yayamba kutaya zina pa disiki, ndipo disiki yozungulira yakale imachedwa koopsa poyerekeza ndi memori. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance, muone ngati Disk ikukwera pa nthawi yomwe gemu ikudodoma. Tsekani bulawuza ndi masamba ake onse, yesaninso.

Palinso vuto lina la memori limene limabisala kumbuyo kwa purosesa. Makompyuta ambiri amabwera ndi kandodo kamodzi ka memori, pamene purosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi memoriyo. Kandodo kakakhala kamodzi, njira imodzi imangokhala. Zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi za purosesa yochedwa: khadi likudikira, ndipo kuchepetsa chithunzi sikusintha kanthu. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z, pa tsamba la Memory, imaonetsa ngati njira ikugwira ntchito ndi imodzi kapena ziwiri, ndipo pa makompyuta akale ngati wathu uja imalemba Single kapena Dual. Pa laputopu yopanda khadi lapadera, imene zithunzi zimapangidwa ndi purosesa yomweyo pogwiritsa ntchito memori yaikulu, kusiyanaku kumakula kwambiri.

Kutentha nako kumanamizira zipangizo zabwinobwino. Gemu ikamayamba bwino n'kuyamba kufooka pakapita mphindi 15 kapena 20, yang'anani CPU temperature ndi GPU temperature. Mapurosesa ambiri a Intel amadzichepetsa liwiro akayandikira madigiri 100 pofuna kudziteteza. Fumbi likatseka mafani, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, kompyuta imaoneka ngati yakalamba pamene ikungofuna kupukutidwa ndi kupakidwa mafuta atsopano apakati pa purosesa ndi choziziritsira chake.

Mwini kompyuta yathu ija, ngati CPU-Z yamuonetsa Single ndipo RAM usage ikuyandikira 8 GB, ayambe wagula kandodo kachiwiri ka DDR3 ka 8 GB kofanana ndi koyambako, akalowetse pa malo oyenera kuti CPU-Z ilembe Dual, kenako adutsenso msewu womwe uja wa mu Los Santos. Kudodoma kukatha koma FPS n'kukhalabe pafupi ndi 50 khadi likudikirabe, ndiye kuti Core i5-3470 yafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo ndalama zotsatira zipite ku purosesa ndi bolodi yake. GTX 1650 ija aisunge, idzasamukira mu kompyuta yatsopanoyo.