Maso ayambire kumbuyo, nkhope ibwere pomaliza

Pa 31 Malichi 2003, nyuzipepala ya Los Angeles Times inatulutsa patsamba loyamba chithunzi chochokera ku nkhondo ya ku Iraq. Msilikali wa ku Britain waima ndi mfuti pafupi ndi mzinda wa Basra, dzanja lili m'mwamba kuuza anthu wamba kuti akhale pansi. Pakati pa khamulo pali bambo wonyamula mwana, maso ake ali kwa msilikaliyo. Chinali chithunzi chogwira mtima, moti nyuzipepala zinanso zinachisindikiza.

Koma munthu wina wogwira ntchito ku nyuzipepala ya Hartford Courant sanakodwe ndi msilikaliyo kapena mwanayo. Iye anayang'ana anthu okhala pansi kumbuyo kuja, ndipo anaona kuti ena mwa iwo akuoneka kawiri. Wojambulayo, Brian Walski, atafunsidwa anavomera kuti analumikiza zithunzi ziwiri zimene anajambula motsatizana. M'chimodzi msilikali ndiye anaoneka bwino, m'chinacho bambo wa mwana uja ndiye anali atatembenukira koyenera. Ntchito inamuthera pomwepo, ndipo nyuzipepalayo inasindikiza zithunzi zonse zitatu kuti owerenga adzionere okha.

Nkhaniyi ikusonyeza poyambira. Diso la munthu limathamangira ku nkhope, ndipo wosintha chithunzi amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amathera nthawi yake pamenepo. Kumbuyo ndiko amachita mphwayi. Choncho woyerekeza chithunzi choyamba ndi chosinthidwa ayenera kukakamiza maso ake kuyenda chobwerera: kumbuyo kaye, kenako manja ndi zovala, nkhope pomaliza.

Asanayambe n'komwe, atsimikize kuti chimene akuchitcha choyamba ndi choyambadi. Google Lens ndi TinEye zimathandiza kupeza komwe chithunzi chinaonekerapo kale, ndipo chofunika ndi chakale kwambiri komanso chachikulu kwambiri. Chithunzi chimene chadutsa m'mafoni khumi pa WhatsApp chimakhala chitapanikizidwa, tinthu tating'ono titafufutika. Ndi bwino kupempha mwini wake achitumize ngati Document, chifukwa chikatero chimafika momwe chilili.

Kuika zithunzi ziwiri pambalipambali kumathandiza pang'ono chabe, poti diso likamachoka kumanzere kupita kumanja limaiwala zimene laona. Njira yabwino ndi kuzikulitsa mofanana n'kumazisinthanitsa mofulumira pamalo amodzi, ichi, icho, ichi, icho. Chilichonse chosasintha chimakhala bata, pomwe chosinthidwa chimadumpha ngati chiwala. Njirayi si yatsopano. Mu 1930 Clyde Tombaugh anatulukira Pluto posinthanitsa motero zithunzi ziwiri za thambo zojambulidwa masiku osiyana, mpaka anaona kadontho kamodzi kakusuntha pakati pa nyenyezi zambirimbiri.

Amene ali ndi kompyuta angapite patsogolo. Mu pulogalamu yaulere ya GIMP, munthu amasanjika chithunzi china pamwamba pa chinzake n'kusankha Difference. Paliponse pofanana pamada bii, ndipo posiyana pamawala. Koma zithunzizo zikapanda kugwirizana bwino m'mphepete, chilichonse chimawala ndipo palibe chimene angaphunzirepo. Timadontho tofooka tomwazikana ponseponse nato si umboni wa chinyengo, kawirikawiri timabwera chifukwa chosunga chithunzi kachiwiri. Chokayikitsa ndi chigamba chowala pamalo amodzi.

Kumbuyo kuja afufuze chiyani? Choyamba awerenge: anthu angati, mitengo ingati, mawindo angati. Kenako atsate mizere yowongoka, monga felemu ya chitseko, mzere wa njerwa kapena mtengo wa magetsi. Wina akachepetsa chiuno kapena kukulitsa phewa, khoma la pafupi limapindika nalo. Aonenso zinthu zobwerezeka, chifukwa wofufuta chinthu amatseka dzenjelo pokopera chidutswa cha pafupi. Mu 2006 bungwe la Reuters linachotsa zithunzi za Adnan Hajj anthu ataona kuti utsi wa pamwamba pa mzinda wa Beirut uli ndi mapindikidwe ofanana ndendende m'malo angapo. Utsi weniweni subwereza maonekedwe ake. Mthunzi nawo umaulula: munthu akhoza kufufutidwa, mthunzi wake n'kutsala pansi.

Manja amavuta kusintha chifukwa amagwira zinthu, ndipo pokumana dzanja ndi nsalu kapena ndi thupi la wina m'pamene msoko umaonekera. Pa 10 Malichi 2024 banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, ali ndi ana ake atatu. Tsiku lomwelo mabungwe a AP, Reuters, AFP ndi Getty anachichotsa. AP inaloza dzanja lamanzere la mwana wamkazi, Charlotte, pomwe mkono wa juzi sunkalumikizana bwino. Ena anaonanso kuti zipi ya jekete ya mayiyo yaduka mzere. Mawa lake Catherine anapepesa, n'kunena kuti nthawi zina amayesa kukonza yekha zithunzi. Chithunzi choyambirira sichinatulutsidwe, motero anthu akunja anangodziwa kuti chinasinthidwa, osati kukula kwa kusinthako. Apa m'pamene pamaonekera mtengo wa kukhala ndi zithunzi zonse ziwiri.

Woyerekeza awerenge zala, aone mphete ndi wotchi ngati zili kudzanja lomwelo, atsate mizere ya chitenje kapena ya malaya ngati ikupitirira bwino podutsa pamkono.

Nkhope ikafika nthawi yake, funso lisakhale lakuti kodi akufanana, chifukwa adzafanana ndithu. Ayang'ane zizindikiro chimodzichimodzi: kadontho ka pa tsaya, chipsera, mpata wa mano, maonekedwe a khutu, malire a tsitsi pa mphumi. M'maso mumakhala kuwala kwa zenera kapena kwa dzuwa, ndipo anthu ojambulidwa limodzi moyang'ana kumodzi amakhala nako mbali yofanana. Khungu la nkhope aliyerekeze ndi la khosi ndi la manja. Nkhope ikasalala ngati sopo pomwe khosi lili ndi makwinya, pali dzanja limene ladutsapo.

Izi sizikhudza atolankhani okha. Banja likapereka chithunzi chakale cha agogo ku situdiyo kuti achikonze, mwina choti chiikidwe pa pulogalamu ya maliro kapena ya chiliza, mapulogalamu ena okonzera zithunzi sabwezeretsa zimene zinafufutika. Amalosera, n'kujambulapo maso ndi mano atsopano. Mphini za pa tsaya amatha kuziyesa zokandika za pepala n'kuzichotsa. Chithunzicho chimabwera chowala ndi chokongola, koma munthuyo salinso agogo aja, ndipo zimenezi n'zopweteka kwa adzukulu amene adzawadziwire pa chithunzi chokhacho.

Kuyerekeza kuli ndi malire ake. Kumasonyeza kuti chinthu chasintha, koma sikunena amene wasintha kapena cholinga chake. Kudula m'mbali ndi kuwalitsa pang'ono n'zololedwa ngakhale m'mabungwe akuluakulu a nkhani, ndipo mafoni ambiri amasalaza okha nkhope pojambula. Zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana nazonso zimasiyana popanda wozikhudza: anthu amaphethira, manja amasuntha, ngakhale khoma silisuntha.

Wopita ku situdiyo ndi chithunzi chakale achijambule kaye ndi foni asanachipereke, ndipo polandira chokonzedwacho aumirire kuti choyambirira chibwerere m'manja mwake.