Muode liti, muode wochuluka bwanji?

Eni magolosale ambiri amaimbira foni kwa opikulitsa akaona kuti shelefu yayamba kuoneka matabwa. Kumeneko nkuchedwa, makamaka kwa amene ali kutali ndi tauni, komwe galimoto ya katundu imati ikalonjeza Lachiwiri imafika Loweruka, kaamba ka matope a dzinja, kusowa kwa dizilo kapena kuwonongeka panjira. Pali kawerengedwe kosavuta kamene kamangofuna kope, cholembera ndi manambala awiri: malire apansi, amene katundu akafikapo mumaoda, ndi malire apamwamba, amene simuwapitirira.

Tiyerekeze golosale ya ku Mitundu imene imaoda shuga ku Lilongwe, m'mabelo a mapaketi 20. Patsiku pamatuluka mapaketi 8. Nambalayi muipeze m'kope la malonda a mwezi wathunthu, koma masiku amene munalibe shuga musawawerengere. Tsiku limenelo anthu sanaleke kumwa tiyi, anangokagula pa okala ya mnzanu, ndipo mukaliphatikiza mudzinamiza kuti shuga sakuyenda.

Nambala yovuta ndi ya masiku odikira. Muziwerenga kuyambira tsiku loimba foni mpaka tsiku limene belo lalowa pakhomo, osati tsiku limene anakulonjezani. Tinene kuti kope likuonetsa kuti kawirikawiri pamapita masiku 5, koma nthawi zina afika 9. Masiku 5 amadya mapaketi 40. Mukaima pamenepo, galimoto ikangochedwa tsiku limodzi mwagwira m'mutu. Masiku 4 owonjezerawo amafuna mapaketi ena 32, omwe ndi odikirira tsoka. Pamodzi 72, ndipo poti shuga amabwera m'mabelo, tingoti mabelo 4, mapaketi 80. Awa ndiwo malire apansi. Mabelo 4 amenewa aikeni padera kuseri. Tsiku limene mnyamata wogulitsa adzang'ambe loyamba, foni iyimbidwe.

Wina anganene kuti kumapeto kwa mwezi pamatuluka mapaketi 12 patsiku, bwanji osachulukitsa 12 ndi 9? Zimenezo zikupereka 108, ndipo mukatero ndi shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere, mpamba wonse ugona kuseri. Ine ndimati tchinjirizani chimene chimakulumani kwambiri, ndipo kwa inu ndi galimoto, osati makasitomala. Ogulitsa amene amangotenga oda tsiku limodzi pa sabata ndi nkhani ina: masiku odikira tsikulo awonjezereni pa masiku a ulendo.

Malire apamwamba mumawapeza poika pamwamba pa 80 uja shuga wa masiku amene mukufuna kupuma osaoda, malinga ndi thumba lanu ndi malo osungira. Masiku 10 ndi mapaketi 80, ndiye malirewo ndi 160. Mukawerenga madzulo nkupeza 76, mwatsika. 160 kuchotsapo 76 kutsala 84, muoda mabelo 4.

Pano mpamene ambiri amapunthwa. Patapita masiku atatu patsala 52, galimoto zii, mtima wayamba kugunda, munthu aimbiranso opikulitsa ena. Ayi. Choyerekeza ndi malire ndi katundu amene muli naye kuphatikiza amene ali panjira: 52 ndi 80 ndi 132, mukadali pamwamba. Mukaodanso, magalimoto awiri adzafika sabata imodzi, onse ofuna ndalama, pamene mafuta ophikira atha. Koma oda ya panjira iwerengeni pokhapo ikadali yamoyo. Tinene kuti galimoto yafika tsiku la 8 muli ndi mapaketi 12, yatsitsa mabelo 2 okha, dalaivala nkuti enawo kulibe. Muli ndi 52 basi, mabelo otsalawo afufuteni m'kope, ndipo muode mabelo 5 tsiku lomwelo, kwina ngati nkotheka. Malonjezo oti "tibweretsa ulendo wina" opanda tsiku si katundu wa panjira.

Ngati manambala alakwika, shelefu imanena yokha. Yang'anani zotsala tsiku limene galimoto yafika. Ngati kwa miyezi ingapo imakupezani muli ndi mabelo awiri kapena kuposa, malire apansi akwera kwambiri, tsitsaniko belo limodzi ndalamayo igwire ntchito ina. Ngati shuga watheratu kawiri m'miyezi itatu, kwezani. Dzinja likamayandikira werenganinso masiku odikira, ndipo nthawi yokolola, anthu akagulitsa fodya ndi soya, werenganinso malonda a patsiku.

Njirayi si ya katundu aliyense. Buledi ndi mkaka wam'mapaketi sizingadikire masiku 9 kuseri, ndipo loko amene amagulidwa kamodzi pamwezi safuna kope. Akatsala mmodzi mumaoda awiri. Yambani ndi zinthu khumi zimene zimabweretsa anthu pakhomo tsiku ndi tsiku, shuga, sopo, mafuta ndi mchere zikhale poyamba.