Chipidigoli: phunzitsani mwana osavulaza khosi

Ana a ku Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje amaphunzira chipidigoli poonera anzawo. Ngozi imabwera mwana akatsamiritsa thupi lonse paliwombo, chifukwa khosi limapindika.

Yalani mphasa pa udzu wopanda miyala. Poyamba mwana agone chagada, akumbatire mawondo, n'kumayendera msana uku ndi uku. Akazolowera, anyonyomale, manja pansi, chibwano pachifuwa. Kenako agudubukire kutsogolo, inu mutam'gwira m'chiuno. Musam'kankhe.

Poyesa, yankhani inde kapena ayi:

1. Chibwano chili pachifuwa?
2. Manja akunyamula thupi?
3. Akufikira pamapewa, osati paliwombo?
4. Akudzukira kumapazi?

Mukayankha ayi pa mafunso atatu oyambawo, bwererani pambuyo. Akadandaula khosi kapena dzanzi m'manja, musam'gwedeze mutu. Itanani azaumoyo msanga.